ZA UMOYO WA PA BANJA: MANDALA ATSOPANO NDI MUTU WOWAWA

Mwa makalata amene atifika mwezi uno muli atatu a dandaulo limodzi. Mai wina alemba kuti cibvalire mandala ace atsopano, pansi paoneka potsetsereka ngati pa culu, ndipo aopa kutsika pa khonde. Bambo wina ati mutu ulikumuwawa madzulo onse. Wacitatu, ndiye mwana wa sukulu, afunsa ngati wogulitsa anamunyenga, pakuti mandala akale, angakhale anali okalika-kalika, sanamsautse cotere. Onse atatu anauzidwa mau amodzimodzi, akuti, "Pirirani, mudzazolowera." Mau amenewa kawiri-kawiri ali oona, koma si masiku onse ai, ndipo munthu amene anataya ndarama za mbeu zace pa mandala ayenera kudziwa kusiyanitsa kwace.

Tiyambe ndi cimene galasi licita. Galasi la mandala silingoyeretsa zinthu cabe, koma lisinthanso msinkhu wace wa zinthuzo. Pa cipepala cimene a dokotala a maso amalemba mudzaona manambala okhala ndi kamzere patsogolo, monga -5.00, kapena okhala ndi kamtanda, monga +3.00. A kamzere ndi a anthu osaona patali, ndipo galasi lace licepetsa zinthu. A kamtanda galasi lace lizikuza. Munthu wobvala -5.00 aona dziko lonse litacepa monga magawo 7 pa 100, iye osadziwa konse, cifukwa anazolowera kale. Tsono mphamvu ya galasi ikasintha, msinkhu wa zonse usinthanso pang'ono, ndipo bongo, umene unaphunzira kuti cikho ca msinkhu wakuti ciri pa mtunda wakuti, uyamba kuphonya. Dzanja lifika msanga kapena mocedwa, phazi liponda pamene palibe, ndipo potembenuza mutu nyumba ioneka ngati irikuyenda. M'mphepete mwa galasi lamphamvu mizere yoongoka ioneka yokhota, kotero kuti mphuthu za citseko zikhala ngati uta.

Cosautsa koposa ndi ca anthu amene diso lao silinabulungike mofanana mbali zonse, koma lapendekeka ngati msana wa supuni. Kwa otere a dokotala alemba manambala ena awiri, pansi pa mau akuti CYL ndi AXIS: loyamba linena mphamvu yoongolera kupendekekako, laciwiri linena mbali imene mphamvuyo iyenera kuloza, kuyambira 1 kufikira 180. Galasi lotere likuza zinthu mbali imodzi koposa inzace. Cifukwa cace munthu wolibvala koyamba aona thebulo lopendama, mbale yobulungira ioneka ngati dzira, ndi pansi potsetsereka, monga anenera mai uja. Izi zicitika ngakhale galasi lapangidwa bwino lomwe, lopanda cirema.

Mwai wace ndi wakuti bongo uphunzira msanga. M'caka ca 1897 katswiri wina wa ku Amereka, George Stratton, anafalitsa mbiri ya masiku 8 amene anabvala galasi lotembenuza dziko, kumwamba kukhala pansi; masiku oyamba anabvutika ndithu, koma pofika kumapeto anali kuyenda ndi kugwira zinthu mosaphonya kwambiri. Ngati bongo utha kupirira cimeneco, kupendama kwa thebulo ndi kanthu kakang'ono. Anthu ambiri azolowera pa masiku awiri kapena atatu, ena sabata imodzi kapena ziwiri. Mandala aja a okalamba, oona patali pamwamba ndi kuwerenga pansi opanda mzere pakati, afuna nthawi yoposa, mwina kufikira mwezi, ndipo cimbuuzi ca m'mbali mwace sicicoka konse, pakuti ndimo apangidwira. Mwini wace angophunzira kuloza mphuno kumene afuna kupenya. Apa ndipo pagwira mau a makolo, kuti kuona maso a nkhono nkudekha. Koma kudekhako kukhale kwa nzeru: bvalani mandala atsopano m'mamawa podzuka, maso asanatope, ndipo musabwerere-bwerere ku akale, cifukwa wocita cotero aphunzitsa bongo maphunziro awiri otsutsana, ndipo suphunzira limodzi lomwe. Masiku oyambawo musakwere njinga kapena kuyendetsa galimoto muli ndi cizungulire.

Cizindikiro ca kuzolowera ndi ici: bvuto licepa tsiku ndi tsiku. Lacisanu liposa Laciwiri. Ndiponso, cinkana dziko lioneka lacilendo, lioneka loyera. Malemba a pa kalendala awerengeka bwino koposa kale. Kumene kuli colakwa zinthu ziyenda mosiyana, ndipo tifuna kukuonetsani ndi nkhani ya mphunzitsi wina, mnzathu wa zaka zosafika makumi anai, amene tinaona bvuto lace ndi maso athu.

Mphunzitsiyo anabvala -4.50 m'maso onse awiri zaka zingapo. Atayesedwanso, anamlembera -5.00, nasankha felemu yaikuru yokongola, yoposa yakale. Sabata yoyamba anamva zonse tanenazi, pansi posendera ndi makoma okhota, ndipo anapirira. Pofika sabata yaciwiri makoma anaongoka, pansi panakhazikika. Koma mutu sunaleke. M'mamawa anali bwino. Pofika masana, ataima maora ambiri alikupenya ana a kumbuyo kwa kalasi, anamva kukoka m'kati mwa maso ndi kulemera pa mphumi. Madzulo, atatopa, nyali ya patali inayamba kugawika pawiri, imodzi pambali pa inzace, ndipo akaphethira inabwerera pamodzi. Cimene cinamsokoneza ndi cakuti powerenga buku sanabvutike kweni-kweni, nayesa kuti colakwa ciri pa iye mwini, kapena kutopa kwa nchito. Anamwa mankhwala a mutu masabata atatu.

Tinampempha acite kayesedwe kamene yense wa inu atha kucita pa nyumba. Aime patali ndi kalendala, masitepe asanu kapena asanu ndi limodzi, usana pounika bwino, natseke diso lamanzere ndi cikhato, osalipsinja. Lamanja linawerenga manambala onse. Anatseka lamanja, lamanzere linawerenganso onse. Tsono mphamvu ya magalasi inali yabwino. Koma iye anaonjeza mau amene anaulula mlandu wonse: anati, "Ndikatseka limodzi, kukoka kuja kuleka." Diso liri lonse pa lokha linali pa mtendere, koma awiriwo pamodzi anali pa nkhondo. Cizindikiro cimeneci kawiri-kawiri ciloza ku malo a pakati pa galasi.

Galasi liri lonse liri ndi kamalo kamodzi kamene kuwala kupyola kosapatuka, ndiko mtima wace. Wodula galasi ayenera kuika mtimawo pandunji pa mwana wa diso. Cifukwa cace asanadule ayesa mtunda wa pakati pa ana a maso awiri, naulemba pansi pa malemba akuti PD. Kwa akulu ambiri ukhala pakati pa mamilimita 55 ndi 70. Diso likapenya pambali pa mtima wa galasi, zinthu zisunthidwa pa malo pace, ndipo minyewa ya diso iyenera kukoka tsiku lonse kuti zithunzi ziwirizo zikhale cimodzi. Kukula kwace kwa kusunthako kuwerengeka mosabvuta, mwa lamulo lochedwa ndi dzina la Charles Prentice, amene m'caka ca 1890 anakhazikitsa muyeso wace. Mutenge mtunda umene mtima waphonya, m'masentimita, muucurukitse ndi mphamvu ya galasi. Yankho likakhala 1, ndiye kuti cinthu cokhala pa mtunda wa mita imodzi casunthidwa sentimita imodzi.

Kuti tipeze mitima ya magalasi a mphunzitsi, tinalemba pa pepala mizere iwiri yaitali yopingasana, tinagwira galasi pamwamba pace pang'ono, tiri cipenyere ndi diso limodzi, ndi kulisuntha pang'ono-pang'ono. Pamene mizere ya m'kati mwa galasi ilumikizana bwino ndi ya kunja, woimirira ndi wogona womwe, pamphambano pace ndipo pali mtima, tinadonthezapo inki. Titacita cimodzimodzi ndi galasi linzace, tinayesa ndi rula pakati pa madontho awiriwo, ndipo panali mamilimita 68. Pa cipepala cace cakale PD inalembedwa 62. Kuphonya kunali mamilimita 6, atatu ku diso liri lonse. Mamilimita 3 ndiwo 0.3 ya sentimita. Kucurukitsa ndi 5 kupatsa 1.5 ku diso limodzi, ndipo maso awiri pamodzi 3. Malamulo a opanga mandala a ku Amereka salola kuphonya kopitirira mamilimita 2.5 pa maso onse awiri m'magalasi amphamvu cotere. Apa kunali koposa kawiri.

Ndipo taonani cifukwa cace anabvutika patali koposa pafupi. M'galasi la kamzere, mitima ikatalikirana koposa maso, zithunzi zikankhidwira kunja, ndipo maso ayenera kutayana, lina uku lina uko. Maso a munthu adziwa bwino kuyandikizana, pakuti atero nthawi zonse popenya singano kapena buku. Koma kutayana kupitirira poongoka ali nako kocepa ndithu. Popenya ana a kumbuyo, mphunzitsi anali kudya gawo lalikuru la mphamvu yocepayo kuyambira m'mawa kufikira madzulo, ndipo itatha, nyali inagawika. Powerenga, maso anangoyandikizana mocepa pang'ono koposa masiku onse, ndipo sanadandaule. Mandala otere palibe kuwaongola ndi kupana kapena kupinda; magalasi ayenera kudulidwa ena. Anabwerera nao, a ku sitoloko anayesa pa makina ao, nabvomera, napanga ena osalipitsa. Pa masiku owerengeka mutu unaleka.

Tionjeze mau awiri pa nkhaniyi. Loyamba: kuphonya komweko kwa mamilimita 6 m'galasi lofooka la -1.00 kukadapatsa 0.6 cabe, ndipo anthu ambiri sakadamva kanthu. Ndico cifukwa cace mandala owerengera ogula pa msika, amene apangidwa ndi muyeso umodzi wa anthu onse, athandiza ena bwino pamene mphamvu iri yocepa, koma awawitsa mutu ena pamene iri yaikuru. Laciwiri: kuphonya kwa m'mwamba ndi pansi kuli koipa koposa kwa m'mbali, pakuti maso satha kupenya lina m'mwamba lina pansi koma pang'ono pokha. Galasi limodzi lamphamvu likakwera koposa linzace mamilimita awiri okha, munthu amva. Ndipo ici cicitika ngakhale ndi felemu yopotoka cabe, imene mwana anakhalira kapena munagonera nayo pa mphasa. Kayesedwe ka mizere kaja kayenera magalasi a mphamvu imodzi. A magawo awiri kapena opanda mzere asiyeni kwa eni nchito. Kumbukiraninso kuti mandala owerengera okha mitima yace amaiyandikizitsa dala mamilimita atatu kapena anai, kuti mungatsutse munthu wosalakwa.

Si kudandaula konse kufuna magalasi ena ai. Musananyamuke ulendo, imani pa kalirole mupenye ngati felemu yakhala yoongoka. Pamenepo, mulikupenya kalendala, ikwezeni pang'ono ndi zala, itsitseni, isendezeni kufupi ndi maso. Zinthu zikayera pomwepo ndi kukoka kukaleka, mwina bvuto ndi kakhalidwe ka felemu pa mphuno ndi pa makutu, ndipo mmisiri aikonza pa mphindi zowerengeka. Mutu wowawa kumbuyo kwa khutu kapena m'litsipa, pamene miyendo ya felemu yasiya mkwasa pa khungu, ndiwo wa kuthina, si wa galasi. Koma wobvala mandala a magawo awiri amene ayenera kutukula cibwano ngati nkhuku yakumwa madzi kuti awerenge, kapena kuweramitsa mutu kuti aone njira, ndipo kukonza felemu sikunathandize, gawo lowerengera linaikidwa pa msinkhu wolakwa, ndipo ayenera kupangidwa ena.

Nanga potseka diso limodzi mukapeza kuti lina liona cimbuuzi, kapena liona bwino koposa ndi mandala akale? Apo musayembekeze kuzolowera, pakuti bongo uongola zopendama, koma sutha kuyeretsa cithunzi cimene cafika cosayera. Mwina mphamvu yalakwika polemba kapena popanga, mwina magalasi asinthanitsidwa, la kumanja kupita kumanzere, izi zimacitika. Kwa okhala ndi CYL, yesani kupendeketsa felemu pang'ono ngati muzunguza ciwongolero: malemba akayera pamene mwapendeketsa, AXIS yaphonya. Pa CYL ya 2.00, kuphonya kwa madigiri 10 kusiya gawo limodzi la magawo atatu a cirema losaongoledwa, pamene colekerera cace pa mphamvu yotere ndi madigiri 2 okha. Mwana yekha amene apatsidwa mandala a kamtanda koyamba ndiye wosiyana: iye angathe kuona patali mwa cimbuuzi masiku angapo, kufikira minyewa ya m'diso, imene inazolowera kukoka, itamasuka. Amai asamlole kuwabvula msanga, koma masabata awiri kapena atatu akapita osasintha, abwerere naye.

Pobwerera nyamulani zinthu zitatu: mandala atsopano, akale, ndi cipepala ca muyeso pamodzi ndi lisiti. Musangoti "sindiona bwino", koma nenani diso lace, mtunda wace ndi nthawi yace, monga anacitira mphunzitsi. Pemphani kuti ayese magalasi pa makina ndi kuwalinganiza ndi cipepala, ndi kuti adontheze mitima yace muli cibvalire. Magalasi akagwirizana ndi cipepala, felemu niikhala bwino, koma bvuto liripobe, pamenepo cipepalaco ndico ciyenera kuyesedwanso. Nthawi zina muyeso ukhala woona koma wolumpha kwambiri kucokera ku wakale, makamaka kwa okalamba, ndipo dokotala wanzeru aucepetsa dala, napereka theka la kusinthako tsopano ndi lotsala pambuyo pace. Nyumba zambiri za mandala zikonza colakwa cotere kwaulere m'nthawi yoikika. Funsani za nthawiyo musanalipire, osati mutadwala kale mutu. Ndipo musacite manyazi pobwerera. Ife tiona kuti anthu athu, cifukwa ca ulemu, asunga mandala olakwa m'bokosi ndi kubwerera ku akale, osanena kanthu. Mmisiri woona sakwiya ndi munthu wobweza nchito, ndipo wokwiya wadziulula yekha.

Pali anthu ena amene mandala awalakwira popanda wolakwa. Wodwala matenda a shuga, shuga akakwera kapena akatsika msanga ndi mankhwala, galasi la cibadwidwe la m'kati mwa diso lisintha mphamvu yace. Woyesedwa pa nthawi yotere adzapeza kuti mandala a mwezi watha salinso ace. Wotere ayambe wakhazikitsa shuga masabata angapo, ndipo pambuyo pace ayesedwe. Munthu amene maso ace asintha-sintha pa masabata owerengeka, ali ndi ludzu losatha ndi kukodza kawiri-kawiri, akayezetse magazi asanagule mandala ena. Comweconso wa ng'ala yoyamba: mphamvu isuntha pa miyezi yocepa, ndipo pofika pena palibe galasi lingayeretse diso koma opaleshoni.

Mwina mudziwa kuti dzina lakuti Mandala, limene likhalabe pa dera lina ndi pa nyumba yakale ya ku Blantyre, linapatsidwa kwa John Moir, mmodzi wa abale awiri oyendetsa kampani ya malonda ya m'nyanja yoyambidwa m'caka ca 1878, cifukwa ca kunyezimira kwa magalasi a m'maso mwace. Masiku amenewo wobvala mandala anali cozizwitsa. Lero apezeka m'mudzi uli wonse, ndipo ngozi yace yatsopano ndi yakuti mutu uli wonse tiuneneza mandala. Cifukwa cace cherani khutu. Mutu wa mandala udza pang'ono-pang'ono mutawabvala nthawi, ndipo ucepa mukawabvula ndi kupumula. Koma diso likafiira ndi kuwawa kolimba mwadzidzidzi, mukaona utawaleza wozungulira nyali, ndi mseru kapena kusanza, madzi a m'diso angakhale atatsekeka ndi kupsinja mtsempha woonera, ndipo diso lotere lingafe pa masiku owerengeka. Kuona pawiri kumene kukhalabe mutabvula mandala, kapena kumene kulipo ndi akale omwe, mdima wogwa ngati nsaru pa mbali ya diso, timoto tong'anima pamodzi ndi timadontho takuda tocuruka mwadzidzidzi, mutu wodzutsa munthu usiku, kapena wodza ndi dzanzi la mkono ndi lilime lolemera: pa zonsezi musapite ku sitolo ya mandala, pitani ku cipatala tsiku lomwelo, ndipo woyendetsa njinga akhale wina.